Adyo Akavulala: Mmene Alisini Amapangikira ndi Mmene Moto Umamuthera Mphamvu

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

 Lero ndabwera ndi katundu wachilendo m'chipinda chino choulutsira mawu, ndipo achimwene anga amene ali pamakina andiyang'ana kale ndi diso la kumbali. Pathebulo panga pali mutu umodzi wa adyo, kamtondo kakang'ono ndi kamunsi kake, mpeni, ndi timbale titatu. Achimwene, mundikhululukiretu, chifukwa tikamafika kumapeto kwa pulogalamuyi chipinda chino chikhala chikununkha ngati kukhitchini.

Tiyambe ndi chinthu chimene aliyense wa inu angathe kuchita pompano. Tengani mutu wa adyo, muthyolepo njere imodzi, muisende mosamala osaibaya ndi chikhadabo. Ibweretseni pamphuno. Mumva kafungo kakang'ono chabe, mwinanso osamva kanthu. Tsopano iikeni mu kamtondo muisinje.

(Phokoso la kamunsi. Masekondi ochepa.)

Fungo lija ndi ili, landifika kale m'maso. Funso la lero ndi lakuti: kodi fungo limeneli linali kuti masekondi khumi apitawa? Ambiri timaganiza kuti linali lotsekeredwa m'kati, ngati mafuta onunkhira m'botolo, ndipo kusinjako kwangotsegula chivindikiro. Ayi. Chinthu chimene chikununkhachi munalibe n'komwe mu njere ija. Chapangika pompano, pansi pa kamunsi. Dzina lake ndi alisini.

Pali mayina atatu amene ndikufuna muwagwire, ndipo vuto lake ndi lakuti amamveka ngati a ana a mimba imodzi: aliini, aliinezi, ndi alisini. Kuti tisasokonezeke, tiwapatse ntchito. Aliini ndi chipangizo, ngati thabwa. Aliinezi ndi mmisiri. Alisini ndi mpando umene mmisiri wapanga. Mu njere ya adyo yosavulala muli thabwa ndi mmisiri, koma mpando mulibe.

Aliini ndi mtundu wa amino asidi, wachibale wa tinthu timene timamanga mapuloteni, ndipo ali ndi sulufule m'kati mwake. Alibe fungo, saluma lilime, ndipo amatha kukhala miyezi mu adyo wouma osasintha. Aliinezi ndi enzaimu, kutanthauza puloteni imene ntchito yake ndi kufulumizitsa kusintha kwa chinthu china popanda iyo kutha. Awiriwa amakhala mu njere imodzi koma sakumana. Thupi la adyo, monga la chomera chilichonse, linamangidwa ndi maselo, tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Aliini amasungidwa m'madzi a m'kati mwa selo, pamene aliinezi amakhala wotsekeredwa m'timatumba tapadera, ndipo wambiri amapezeka m'maselo ozungulira timitsempha ta njereyo. Amene munamatapo chitsulo ndi guluu wa machubu awiri uja mukudziwa nzeru yake. Chubu chilichonse pachokha chimakhala chofewa mpaka kalekale, koma mukafinya zonse ziwiri pamodzi n'kusakaniza, pakangopita mphindi zochepa chinthu chatsopano chaumapo. Mpeni, dzino kapena munsi zikang'amba makoma a maselo, ndiye kuti mwafinya machubu onse awiri.

Zimene zimachitika pamenepo zili m'masitepe awiri. Poyamba mmisiri uja amagwira aliini n'kumudula pakati. Podula amathandizidwa ndi kachida kamene kamachokera ku vitamini B6, kamene kamakhala komamatira pa enzaimuyo. Mbali imodzi ya aliini, yopanda sulufule, imasweka n'kukhala amoniya ndi payiruveti, ndipo zimenezi sizitikhudza kwenikweni lero. Mbali ina, yokhala ndi sulufule, imatchedwa asidi wa salufeniki. Kameneka ndi kachidutswa kosakhazikika, sikatha kukhala kokha ngakhale kwa kanthawi. Ndiye sitepe yachiwiri imachitika yokha popanda mmisiri: tizidutswa tiwiri totere timagwirana, timataya kadontho ka madzi, ndipo chotsalacho ndiye alisini. Choncho pamafunika aliini awiri kuti papezeke alisini mmodzi. Ophunzira a sayansi amene akumvera alembe fomula yake: C6H10OS2. Kumapetoko kuli S2, maatomu awiri a sulufule ogwirana, umodzi mwa iwo utanyamula okosijeni. Pamfundo imeneyo ndi pamene pagona ukali wonse wa adyo, ndipo ndi pomweponso pamene pali pofooka pake, monga tione posachedwa.

Ntchito yonseyi ndi yothamanga kwambiri. Adyo akasinjidwa bwinobwino pa kutentha kwa m'nyumba, alisini wambiri amakhala atapangika isanathe mphindi imodzi.

Chomera chimadzivutitsiranji chonchi? Adyo amakhala m'nthaka, mmene muli mbozi, nkhungu ndi mabakiteriya, ndipo sangathawe. Alisini ndi chida chake chodzitetezera. Koma chida chimenechi chimawononga ngakhale maselo a adyo mwiniwake, komanso sichichedwa kuwonongeka, ndiye sangachisunge chopangiratu. Amasunga zopangira zake padera, n'kuchipanga pabala pokhapo, pa nthawi imene mdani waluma.

Apa mutha kuona chifukwa chake kadulidwe kamasintha kakomedwe. Mukadula njere pakati, mwang'amba maselo a pamene padutsa mpeni pokha. Mukaidula tizidutswa tating'ono, mwang'amba ambiri. Mukaisinja mpaka kukhala phala, makamaka mutathirako kamchere kuti kazithandiza kupera, mwang'amba pafupifupi onse. Adyo wake ndi yemweyo, koma wosinjayo amaluma kuposa wodulayo. Amayi amene amati adyo wa mu mtondo ndi waukali kuposa wa pampeni sanama ayi.

Nanga alisiniyo amakhala wochuluka bwanji? Amene anayeza amapeza mamiligalamu pakati pa 2.5 ndi 4.5 pa galamu iliyonse ya adyo wamuwisi wosinja, malinga ndi mtundu wake ndi kumene analimidwa. Njere imene ndasinjayi ndi yapakatikati, tinene kuti ikulemera magalamu 3. Mukachulukitsa mupeza mamiligalamu pakati pa 7.5 ndi 13.5. Kuti masamu asativute, tinene kuti mu kamtondomu muli mamiligalamu 10. N'kochepa kwambiri, kosadzaza ndi kadontho kamodzi komwe, koma taonani mmene achimwene anga akukupizira mphuno kuseri kwa galasi. Nambala 10 imeneyi muisunge, tiifunanso.

(Kanyimbo kakafupi.)

Mbiri ya mmene anthu anatulukira alisini ikutiphunzitsa kale za moto. M'chaka cha 1844, katswiri wa mankhwala dzina lake Theodor Wertheim anatcheza adyo ndi nthunzi, monga momwe amatchezera kachasu, ndipo anapeza mafuta onunkha kwambiri. M'chaka cha 1892 Mjeremani Friedrich Semmler anasonyeza kuti mbali yaikulu ya mafuta amenewa ndi chinthu chotchedwa dayalilo dayisalufayidi. Onsewa sanamuone alisini, chifukwa nthunzi imene ankagwiritsa ntchito inali itamuphwanya kale. Ankangotola zidutswa za mpando wothyoka. Zinatheka m'chaka cha 1944, pamene Chester Cavallito ndi John Bailey, ku New York m'dziko la Amerika, anatulutsa madzi a adyo ndi mowa wa spiriti popanda kutenthetsa kwambiri. Anapeza timafuta topanda mtundu timene tinkapha mabakiteriya m'mbale zoyesera, ndipo ameneyu ndiye alisini. Patangopita zaka zochepa, Arthur Stoll ndi Ewald Seebeck a ku Basel m'dziko la Switzerland anapeza aliini ndi enzaimu yake. Kuti apeze aliini wosakhudzidwa, anayenera kuyamba aletsa mmisiri uja kugwira ntchito asanaphwanye adyoyo, apo ayi thabwa lonse likanasanduka mpando iwo asanaligwire.

Tsopano tilowe kukhitchini. Moto umalimbana ndi alisini m'njira ziwiri zosiyana, ndipo anthu ambiri amazisakaniza. Njira yoyamba, moto umapha mmisiri asanapange kanthu. Njira yachiwiri, umaphwanya mpando umene wapangidwa kale.

Tiyambe ndi yoyamba. Ndanena kuti aliinezi ndi puloteni. Puloteni ndi chingwe chachitali chopindidwa mwaluso, ndipo imagwira ntchito pokhapokha mapindidwe akewo ali m'malo. Kutentha kumamasula mapindidwewo. Munaona choyera cha dzira chikasintha m'chiwaya, kuchoka pa madzi oonekera n'kukhala choyera cholimba. Ngakhale mutachiziziritsa motani sichibwereranso. Ndi zomwezo zimene zimachitikira aliinezi. Kutentha kukapitirira madigiri 60 amayamba kuwonongeka msanga. Madzi amawira pa madigiri 100 m'malo otsika ngati ku Nsanje, ndipo kumapiri ngati ku Dedza amawira atatsikirako pang'ono, cha m'ma 95, koma konseko ndi kopitirira kwambiri pamene mmisiri wathu angapirire. Mafuta okazingira ndiye amafika pa 150 mpaka 180.

Mu kambale kachiwiri ndili ndi njere imene ndinaiwiritsa yathunthu, ndi khungu lake, kwa mphindi 10 ndisananyamuke kunyumba. Ndiisinje.

(Phokoso lofewa la kamunsi.)

Yangophwanyika ngati mbatata yophika. Fungo lake ndi lofatsa, ndipo ndikalawa ikutsekemera pang'ono, siikuluma m'pang'ono pomwe. Maselo ang'ambika ndithu, koma palibe chachitika. Aliini, yemwe amapirira kutentha kuposa enzaimu, akadalimo ndithu wambiri. Thabwa lilipo, mmisiri ndiye wafa. Mwa mamiligalamu 10 aja, njere iyi siitipatsa pafupifupi chilichonse.

Pali umboni wokoma wa zimenezi. M'chaka cha 2007 akatswiri a ku Argentina, motsogozedwa ndi Pablo Cavagnaro, anayeza mphamvu ya adyo yoletsa tizidutswa ta m'magazi kugwirana, pogwiritsa ntchito magazi a m'machubu oyesera. Adyo amene anatenthetsedwa wathunthu mu mayikulowevu anali atataya mphamvu imeneyi. Koma atathirako pang'ono madzi a adyo wamuwisi, mphamvu ija inabwerera. Madzi a adyo wamuwisiwo anabweretsa amisiri amoyo, amene anapeza matabwa ali chikhalire n'kuyamba ntchito. Mutha kuyesa kunyumba: sinjani njere zingapo zowiritsa zitazizira, muthiremo kachidutswa kakang'ono ka yaiwisi, musakanize, mudikire pang'ono, mulawe. Koma ndikuchenjezeni kuti lilime si chida choyezera, chifukwa kachidutswa kakawisiko nako kali ndi ukali wake. Kuti musadzinamize, sakanizani kachidutswa kofanana ndi mbatata yophika yochuluka chimodzimodzi, mufananize ziwirizo.

Njira yachiwiri ndi ya mpando wopangidwa kale. Mwasinja adyo, alisini wapangika, kenako mwamuika pamoto. Mukukumbukira mfundo ya masulufule awiri ija? Ndi mfundo yosalimba. Ngakhale popanda moto imamasuka yokha pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumangofulumizitsa. Akatswiri a ku Japan analemba m'chaka cha 2008 za nthawi imene imatenga kuti theka la mphamvu ya alisini wa m'madzi lithe. Pa madigiri 4, kuzizira kwa mu firiji, pamatenga pafupifupi chaka. Pa madigiri 15 pamatenga pafupifupi mwezi. Pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu kapena kwa masana a mu Okutobala kuchigwa cha Shire, pamatenga pafupifupi tsiku limodzi lokha. Tamvani kutsika kwake: chaka, mwezi, tsiku. Pa madigiri 37 amenewo, mamiligalamu athu 10 mawa akhala 5, mkuja 2.5. Ndiye mukapitiriza kukwera mpaka pa madzi owira, nkhani siikhalanso ya masiku koma ya mphindi. Iwo anapezanso kuti m'mafuta ophikira alisini sachedwa kutha kuyerekeza ndi m'madzi. Mumafuta amatha m'maola ochepa ngakhale popanda moto.

Akaphwanyika sasowa ngati utsi, amasanduka zinthu zina. M'madzi otentha amasanduka banja la masalufayidi, lomwe lija anapeza Wertheim ndi Semmler, ena okhala ndi sulufule mmodzi, ena awiri, ena atatu. Amenewa amauluka mosavuta ndi nthunzi, ndipo fungo limene limafika kwa aneba mukamakazinga ndi lawo. M'mafuta mumapangikanso zinthu zina, kuphatikizapo chimene Eric Block ndi anzake a ku Venezuela anachitulukira cha m'ma 1984 n'kuchitcha ahoyini, kuchokera ku liwu la Chisipanishi lotanthauza adyo. Ana a alisini amenewa ali ndi mphamvu zawo, ndipo akatswiri amawafufuza. Koma pa ntchito yopha mabakiteriya m'mbale yoyesera, masalufayidi ambiri safika pa kholo lawo. Choncho kunena kuti adyo wophika ndi wopanda pake n'kulakwa. Zoona zake n'zakuti ndi chinthu china, chofatsa.

Pali chinthu chachitatu chimene chimadya alisini mumphika, ndipo chimachokera pa mmene iye amagwirira ntchito. Alisini amasakasaka sulufule amene ali pa mapuloteni, pa kachigawo kotchedwa sisitini, n'kudzimatirira pamenepo. Akachita zimenezi pa maenzaimu a bakiteriya, maenzaimuwo amaima ndipo bakiteriyayo amafa. Akachita pa lilime lanu, amadzutsa kachitseko ka m'mitsempha ya ululu kotchedwa TRPA1, komwenso kamadzutsidwa ndi ukali wa mpiru, ndipo mumamva kuluma. Akatswiri anasonyeza m'chaka cha 2005 kuti adyo wamuwisi amatsegula kachitseko kameneka koma wowotcha satsegula. Ndiye kuluma kwa palilime ndi chizindikiro chabwino chakuti alisini akadalipo. Koma alisini sasankha puloteni. Mukamuthira mumphika wa nyama, adzimatirira pa mapuloteni a nyamayo, ndipo akamatirira ndiye kuti watha ntchito.

(Kanyimbo kakafupi.)

Tiyeni titsatire njere imodzi m'maphikidwe athu a tsiku ndi tsiku. Mayi akukonza nyemba. Nyemba zapsa, aika kapoto kena pa mbaula, athira mafuta. Mafuta atatentha, atenga adyo, adulira mumafuta momwemo kuchokera m'manja, pamodzi ndi anyezi. Kenako tomato, kenako nyemba, ndipo zonse zibwata mphindi 20. Chachitika n'chiyani kwa mamiligalamu athu 10? Choyamba, mpeni unang'amba maselo ochepa chabe. Chachiwiri, tizidutswato tinagwera m'mafuta a madigiri oposa 150 mmisiri asanafike patali, ndipo anafera pomwepo. Chachitatu, kochepa kamene kanapangikako kanaphwanyika m'mafuta ndi m'kubwata. Nyemba zikoma, zinunkhira adyo, koma alisini mulibe. Ndipo ngati tizidutswato tinada mpaka kupserera, ndiwo zonse ziwawa, chifukwa adyo ali ndi madzi ochepa kuposa anyezi, ndiye amapserera msanga. N'chifukwa chake ophika odziwa amayamba ndi anyezi, adyo n'kubwera pambuyo.

Tsopano mayi yemweyo asinthe dongosolo. Asinje adyo poyambirira penipeni, amusiye mu kamtondo pamene akudula anyezi ndi tomato. Pofika nthawi yomuthira, alisini yense wapangika, ndipo moto sungathenso kuletsa ntchito imene yatha kale. Chatsala ndi njira yachiwiri ija, ya kuphwanya, ndipo imeneyo imadalira nthawi imene adyo akhale pamoto. Akatswiri a ku Argentina aja anapeza kuti kuwiritsa kapena kuwotcha mu uvuni wa madigiri 200 kwa mphindi zosapitirira 3 sikunachotse mphamvu imene ankayeza ija. Pa mphindi 6, adyo wathunthu anali atatayiratu mphamvu, pamene wosinjiratu anali nayobe ngakhale yochepa. Kupitirira mphindi 10, onse awiri anali atatheratu. Ndiye kusinjiratu kumakugulirani mphindi zochepa chabe. Ngati nyemba zibwata mphindi 20, kusinjiratu kokha sikupulumutsa alisini. Chimene chingathandize ndi kugawa adyoyo pawiri: wina alowe poyamba kuti apereke fungo lokoma la adyo wokazinga, wina wosinja athiridwe kumapeto, poto ataphulidwa kale.

Mwina munamvapo malangizo akuti adyo wosinja azidikira mphindi 10 asanapite pamoto. Gwero lake lodziwika ndi kafukufuku wa Kun Song ndi John Milner wa ku yunivesite ya Penn State ku Amerika, amene anafalitsidwa m'chaka cha 2001. Iwo ankapatsa makoswe adyo, n'kuona ngati akuteteza maselo awo ku mankhwala oyambitsa khansa. Adyo wotenthetsedwa masekondi 60 mu mayikulowevu, kapena mphindi 45 mu uvuni, anasiya kuteteza. Koma wosinjidwa n'kusiyidwa mphindi 10 asanalowe mu mayikulowevu anasungako mphamvu ina. Ine maganizo anga ndi akuti nambala 10 imeneyi tisaipembedze. Ndanena kale kuti alisini wambiri amapangika isanathe mphindi imodzi, ngakhale achibale ake ena amachedwerapo pang'ono. Mphindi 10 ndi nthawi imene akatswiriwo anasankha kuyesa, ndipo ndi yokwanira bwino. Amene wadikira mphindi 5 sanachimwe. Chofunika n'chakuti kusinja kuyambe, moto ubwere pambuyo. Tikumbukirenso kuti amenewo anali makoswe, osati anthu.

Moto si mdani yekhayo wa mmisiri wathu. Winanso ndi asidi. Aliinezi amasiya kugwira ntchito zinthu zikawawasa kufika pa pH yotsika kuposa 3.5 kapena cha pamenepo. Madzi a mandimu ali cha m'ma 2, ndipo viniga sali patali. Ine ndinazionera ndekha tsiku lina ndikukonza saladi ya tomato ndi anyezi yodyera chipisi. Ndinafinyira mandimu mu kamtondo kaye, n'kuponyamo adyo, n'kusinjira m'madzi a mandimuwo. Saladi inatuluka yofatsa modabwitsa, mpaka ndinayamba kudandaula kuti andigulitsa adyo wachabe. Adyo analibe mlandu. Maselo ankang'ambikira mu asidi, ndipo mmisiri ankakomoka asanagwire thabwa. Mu kambale kachitatu ndachita zomwezo, ndipo ndikalawa ndikumva mandimu kwambiri, kuluma kwa adyo kuli patali. Amene safuna ukali angagwiritse ntchito nzeru imeneyi mwadala. Amene akuufuna asinje kaye, adikire, mandimu abwere pomaliza. Tomato yekha sawawasa kufika pamenepo, pH yake imakhala yopitirira 4.

Nkhani ya asidiyi ikufikanso m'mimba. Asidi wa m'mimba yopanda chakudya ndi waukali kuposa malire amene aliinezi angapirire. Amene amameza njere ya adyo yathunthu ngati piritsi m'mawa asanadye, poopa fungo, akupereka mmisiri kwa asidi asanapange kanthu. N'chifukwa chake makampani ena opanga mapiritsi a ufa wa adyo amawakuta ndi chikopa chosasungunuka m'mimba, kuti akasungunukire m'matumbo. Ufa wa adyo ukaumitsidwa pa kutentha kochepa, thabwa ndi mmisiri zimakhalamo zili m'tulo, ndipo zimadzuka zikakumana ndi madzi.

Ndisanatseke ndiyenera kuika malire, chifukwa ndikudziwa kuti ena atenga zimene ndanenazi n'kuthamanga nazo. Zambiri zodabwitsa za alisini zinaonedwa m'mbale ndi m'machubu oyesera. M'thupi la munthu nkhani ndi ina. Chifukwa cha khalidwe lake lomatirira pa sulufule wa mapuloteni, alisini amasintha atangolowa, ndipo akatswiri akayeza magazi a munthu amene wadya adyo wamuwisi samupezamo. Chimene amapeza ndi zotsalira zake, makamaka salufayidi wina amene thupi limachedwa kumuphwanya. Ameneyu amayenda ndi magazi n'kutulukira m'mapapo ndi m'thukuta, n'chifukwa chake kutsuka mano sikuchotsa fungo la adyo wa dzulo. Fungolo silikuchokera m'kamwa, likuchokera m'chifuwa. Ndipo pamene akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anayesa anthu 192 kwa miyezi 6, ena akudya adyo wamuwisi, ena mapiritsi a adyo, zotsatira zimene anafalitsa mu 2007 sizinasonyeze kutsika kwa mafuta oipa a m'magazi. Choncho adyo, wamuwisi kapena wophika, salowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala, kaya ndi a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a chifuwa chachikulu kapena ma ARV. Amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena akuyembekezera opaleshoni, auze adokotala ngati amadya adyo wambiri kapena kumwa mapiritsi ake.

Ukali womwewo umene umapha mabakiteriya umawotchanso khungu. Pali chizolowezi chomanga adyo wosinja pa chipere, pa njerewere kapena pa dzino lopweteka. Alisini sasiyanitsa puloteni ya bakiteriya ndi ya khungu lanu. Akakhalitsa pamenepo atamangidwa ndi nsalu, pamatuluka matuza ngati a moto, ndipo pa khungu la mwana sizichedwa.

Chomaliza ndi cha amene amasinja adyo wambiri n'kumusunga m'botolo la mafuta pashelefu, poganiza kuti adyo amadziteteza yekha. Tamva kuti m'mafuta alisini amatha m'maola ochepa. Akatha, chotsala ndi chakudya chonyowa, chosawawasa, chotsekeredwa kumene mpweya sufika. Amenewo ndi malo amene bakiteriya wa m'nthaka woyambitsa poizoni wa botulizimu amawakonda, ndipo njere za bakiteriyayu zimatha kubwera ndi adyo kuchokera kumunda. Mumzinda wa Vancouver ku Canada, m'chaka cha 1985, anthu 36 anadwala botulizimu atadya chakudya chokonzedwa ndi adyo wodula wosungidwa m'mafuta kunja kwa firiji. Poizoni ameneyu nthawi zambiri sasintha fungo kapena maonekedwe a chakudya, ndiye mphuno singakuchenjezeni. Ngati muli ndi firiji, botolo lotere likhale mmenemo ndipo lithe m'masiku anayi. Ngati mulibe, kapena magetsi akuzimazima, sinjani wokwanira tsiku lomwelo, wotsalayo akhale m'mutu wake pamalo ouma podutsa mphepo.

Achimwene akundilozera wotchi, ndipo ndikuona atsegula kale chitseko kuti mulowe kamphepo. Adyo amene ndinasinja poyamba uja ndimutengera mu kambale koyamba, ndikamuthire mu nyemba zamadzulo ndikaphula poto. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyino.

(Nyimbo yotsekera.)